Jekete yolemera si yofunda: zoti mudziwe musanakwere ndege ya ku Glasgow

Viza ya sukulu ikangotuluka, nkhani imene imavuta pabanja ndi ya kuzizira. Amayi amati mwana akazizidwa, amalume amati kumeneko anthu amauma ngati nkhuni, ndipo mapeto ake wina amatumidwa pa kaunjika kuti akagule chijekete chachikulu kuposa zonse. Chimabwera chijekete cholemera ngati thumba la ufa, aliyense n'kuchinyamula, n'kugwedeza mutu kuti eya, ichi ndiye chokhacho. Koma kulemera kwa jekete sikunena chilichonse za kufunda kwake. Pali majekete opepuka ngati pilo amene amafunda kuposa chijasi chomwe chikudya makilogalamu atatu pa 23 omwe ndege zambiri zimalola pa sutikesi imodzi.

Ndikamba kwambiri za mzinda wa Glasgow ku Scotland, chifukwa ubale wa Malawi ndi Scotland ndi wakale ndipo ophunzira athu amapitako ndithu, komanso chifukwa kuzizira kwake kumapusitsa anthu. Mukayang'ana manambala, mukhoza kuseka. Mu Januwale masana kumafika madigiri 6 kapena 7, usiku kumatsika kufika pa 1 kapena 2. Munthu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu anganene kuti nanga vuto lili pati, ife m'mamawa wa Julaye timaziona zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu kuno dzuwa likangokwera, pofika 10 koloko juzi yavulidwa. Ku Glasgow mu Disembala dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko masana, ndipo masiku ambiri simuliona n'komwe. Mvula imagwa masiku opitirira 150 pa chaka, nthawi zambiri yowaza, yobwera cham'mbali ndi mphepo. Amene anakulira ku Thyolo kapena ku Mulanje angoganiza za chiperoni, kenako achichotsere madigiri angapo, achiwonjezere mphepo, n'kuchisiya chikhale kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mdani wanu kumeneko ndi kunyowa pamodzi ndi mphepo, ndipo jekete imene mugule iyenera kuyankha zimenezo.

Choyamba timvetsetsane kuti jekete siipanga kutentha. Ng'anjo ndi thupi lanu. Ntchito ya chovala ndi kugwira mpweya umene thupi latenthetsa kuti usathawe. Muone nkhuku m'mawa wa Juni momwe imafufumitsira nthenga mpaka kuoneka yonenepa kawiri: ikusunga mpweya pakati pa nthengazo. Mpweya wosayenda suchedwa kugwira ntchito ngati khoma, chifukwa kutentha kumavutika kudutsamo. Madzi ndiye amachita zosiyana, amatulutsa kutentha m'thupi mwachangu kuwirikiza pafupifupi 25 kuposa mpweya. N'chifukwa chake munthu wonyowa pa madigiri 5 amavutika kuposa wouma pa madigiri 0. Mfundo ziwirizi mukazigwira, zina zonse zimangotsatira: mukufuna chovala chofufuma, chosalola mphepo kulanda mpweya wanuwo, komanso chosanyowa, kaya ndi mvula kaya ndi thukuta lanu lomwe.

Majekete ofufuma amaikidwa zinthu za mitundu iwiri m'kati. Mtundu woyamba ndi tinthenga tofewa ta kunsi kwa nthenga zazikulu za bakha kapena tsekwe, tomwe pa lebulo kapena pa foni mukamagula mupeza talembedwa kuti down. Palibe chomwe chimaposa tinthenga timeneti pa kufunda poyerekeza ndi kupepuka kwake. Vuto lake ndi limodzi koma lalikulu: tikanyowa timamatana n'kukhala timibulu, jekete imaphwa, mpweya uja umatha, ndipo kuti iume pamafunika nthawi yaitali. Mtundu wachiwiri ndi ulusi wa poliyesitala wopangidwa ku fakitale motsanzira nthenga, umene umalembedwa kuti synthetic, kapena ndi mayina a malonda ngati PrimaLoft ndi Thinsulate. Umalemerako pang'ono, ndipo pakapita zaka umayamba kuphwa msanga kuposa nthenga, koma ukanyowa umasungabe kutentha kwina, umauma msanga, umachapika mosavuta m'makina a ku hositelo, ndipo kawirikawiri ndi wotsika mtengo.

Kwa wophunzira wa ku Glasgow, ine ndimasankha poliyesitala mosazengereza. Anthu amakopeka ndi majekete onyezimira a mizeremizere aja, amene amaoneka bwino pa chithunzi cha pa sitetasi. Koma mizere imeneyo ndi misoko, ndipo msoko uliwonse ndi mzere wa timabowo ta singano momwe madzi amalowera. Jekete ya nthenga imayenera ku Glasgow pokhapokha ngati nsalu yake ya kunja ili yosalowa madzi, ndipo yoteroyo mtengo wake umaluma.

Ngati mwaikondabe ya nthenga, pali nambala imodzi imene ogulitsa amailemba mwa zilembo zikuluzikulu, ndipo imasokoneza ambiri. Imatchedwa fill power, ndipo mudzaona 550, 650, 700 kapena 800. Nambalayi ikunena za momwe nthengazo zimafufumira: magalamu 28 a nthenga za 800 amadzaza malo aakulu kuposa magalamu 28 a nthenga za 600. Siikunena kuchuluka kwa nthenga zimene zaikidwa mu jekete yanuyo. Kuchulukako kumalembedwa kwina, mwa magalamu, pa mawu akuti fill weight, ndipo nthawi zina muyenera kutsika mpaka pansi pa tsamba kuti mukupeze. Tiyerekeze majekete awiri. Yoyamba ndi ya 800 koma muli magalamu 100 a nthenga. Yachiwiri ndi ya 600 ndipo muli magalamu 200. Chulukitsani manambalawo: yoyamba ikupereka 80,000, yachiwiri 120,000. Yachiwiriyo, ngakhale nambala yake ya pamalonda ndi yaing'ono, ndiyo ikusunga mpweya wambiri, ndiye kuti ndiyo yofunda. Yoyambayo mukulipira kupepuka, chinthu chofunika kwa okwera mapiri, osati kwa munthu amene akungoyenda kuchoka ku hositelo kupita ku laibulale. Masamuwa ndi ongoyerekeza, poti kutalika kwa jekete ndi kasokedwe zimasinthanso zinthu, koma amakuthandizani kuti musapusitsidwe.

Ya poliyesitala imayezedwa mwa magalamu pa sikweya mita imodzi ya nsalu. Ya 60 ndi yopyapyala, yovala m'kati mwa ina. Ya pakati pa 100 ndi 150 ndiyo yokwanira ku Glasgow ngati m'kati mwavala bwino. Ya 200 kupita m'mwamba ndi ya kumalo kumene madzi amauma panja miyezi yathunthu.

Tsopano nsalu ya kunja, yomwe kwa ine ndiyo yofunika kuposa zonse mu mzinda wa mvula. Pali mawu awiri ofanana amene muyenera kuwasiyanitsa pa sikirini. Akalemba water-resistant, akutanthauza kuti ipirira mvula yowaza kwa kanthawi kochepa, kenako madzi alowa. Akalemba waterproof, nsaluyo ili ndi kachikopa kopyapyala m'kati kotchinga madzi. Ambiri amaikapo nambala ya mamilimita, ndipo 5,000 ndi yokwanira kuyenda m'tauni, pamene 10,000 imakupatsani mtendere ngakhale mvula itakupezani mutabereka chikwama, poti malamba a chikwama amakanikiza madzi kuti alowe pa mapewa. Koma nambalayo ndi yachabe ngati misoko sinamatidwe. Tembenuzani jeketeyo ngati zikutheka, muone ngati pa msoko uliwonse pali kalamba komatidwa ngati selotepi. Ikakhala ndi nsalu ya m'kati yobisa misoko, yang'anani mawu akuti taped seams pa lebulo.

Ambulera musamuwerengere kwambiri. Mphepo ya kumeneko imamutembenuza, ndipo tsiku la mkuntho mumaona maambulera othyoka atatayidwa m'mabini. Chimene chimagwira ntchito ndi hudi, chipewa cha jekete chija, yokhala ndi zingwe zomangira kuti isavuke mphepo ikawomba kumaso. Jeketeyo ikhale yofika m'ntchafu, osati yothera m'chiuno, chifukwa mukaima pa siteji ya basi mphindi 15 mbali imene imayamba kudandaula ndi ntchafu ndi matako. Zipi ikhale ndi kansalu koiphimba, ndipo m'mikono muzimangika, kuti mphepo isalowere m'manja.

Jekete yokha, ngakhale yabwino chotani, siithetsa nkhani, ndipo apa m'pamene nzeru ya chijekete chimodzi imagwera. Tsiku la wophunzira silikhala pa kuzizira kumodzi. Tiyeni tilitsatire. Mukutuluka 8 koloko kudakali mdima, foni ikuti madigiri 3, koma pansi pake pa mawu akuti feels like palembedwa -1 chifukwa cha mphepo. Mukuyenda mofulumira mphindi 20, pena kukwera mtunda, thupi likutentha. Mukulowa m'kalasi momwe mwatenthetsedwa kufika madigiri 20 kapena kuposa. Masana muli mu laibulale, madzulo mwaima chilili kudikira basi, mvula ikuwaza. Munthu amene wavala tisheti ya thonje ndi chijekete pamwamba ali ndi zosankha ziwiri zokha, kuvala kapena kuvula. Panjira amatuluka thukuta, tisheti imanyowa kumsana, ndipo thonje likamwa madzi limawasunga. Akakhala pansi m'kalasi thukuta lija limazizira, n'kuyamba kunjenjemera m'chipinda chotentha, iye n'kumadabwa kuti kapena ndi malungo.

Njira yake ndi kuvala mosanjikiza, zovala zitatu, chilichonse ndi ntchito yake. Chokhudza khungu chikhale chopyapyala, chogwira thupi, cha manja aatali, chopangidwa ndi poliyesitala kapena ubweya wa nkhosa wofewa umene umalembedwa kuti merino. Ntchito yake ndi kuchotsa thukuta pa khungu. Cha poliyesitala n'chotsika mtengo ndipo chimauma msanga, kungoti chimagwira fungo, ndiye mukhale nazo ziwiri kapena zitatu zosinthira. Cha ubweya n'chodula koma mukhoza kuchivala masiku angapo osanunkha. Chapakati ndicho chogwira mpweya: juzi ya ubweya kapena fulisi, ndipo bola ikhale ya zipi kuti muzitha kutsegula osavula. Chakunja ndi jekete ija, yotchinga mphepo ndi mvula.

Tibwerere ku tsiku lija mutavala chonchi. Potuluka pakhomo muyenera kumva kuzizira pang'ono. Mukamamva kufunda bwinobwino musanayambe kuyenda, dziwani kuti mwavala zochuluka ndipo mukafika mutanyowa. Pakatha mphindi zisanu thupi latentha, mumatsitsako zipi ya jekete thukuta lisanayambe, osati litayamba. M'kalasi jekete mumaikoleka pa mpando, fulisi mumaitsegula. Madzulo pa siteji ya basi mumatseka zonse mpaka m'khosi, hudi kumutu. Zovala zomwezo zakupatsani mavalidwe anayi kapena asanu. Tsiku lozizira koposa, lomwe limabwera kangapo pa chaka kukagwa sinowo, mumangowonjezera juzi yachiwiri m'kati, simukagulanso jekete ina.

Izi zikutanthauza kuti poyesa jekete mu sitolo muyenera kuvala fulisi kapena juzi imene muzivala nayo. Mukatseka zipi, kwezani manja m'mwamba, kenako dzikumbatireni. Ikakoka kumsana kapena mikono ikathawa n'kusiya nkhonono za manja poyera, ndi yaing'ono. Jekete yothina imafinya zam'kati, mpweya uja n'kutuluka, ndiye mwagula yofunda koma mwaisandutsa yozizira. Yaikulu kwambiri nayo ili ndi vuto lake, chifukwa mukamayenda imapopa mpweya wotentha kutulukira m'khosi n'kukokera wozizira kunsi. Saizi yolembedwa musaikhulupirire, poti M wa kampani ina ndi L wa kampani ina.

Mukafika kwinakwake mutanyowa m'kati, mukhoza kudziwa cholakwika poona pamene panyowa. Pakakhala pa mapewa, pachifuwa motsatira zipi kapena pa mzere wa msoko, jekete ikudontha. Pakakhala kumsana pamene pagona chikwama ndi m'khwapa, limenelo ndi thukuta, ndipo mankhwala ake ndi kuchepetsa chapakati kapena kutsegula zipi msanga. Ambiri amadzudzula jekete yabwinobwino pamene wolakwa ndi tisheti ya thonje.

Nanga mugulire kuno kapena mukafika? Maphunziro ambiri amayamba mu Seputembala, ndipo mwezi umenewo ku Glasgow masana kumakhala cha m'ma madigiri 15. Juzi ndi jekete ya mvula zimakwana. Muli ndi masabata angapo oti muone zimene anzanu akuvala, mulowe m'masitolo ngati Decathlon, Mountain Warehouse kapena TK Maxx, muyese ndi thupi lanu. Alinso masitolo a mabungwe othandiza anthu, monga Oxfam ndi British Heart Foundation, amene amagulitsa zovala zovalidwapo kale, kaunjika wa azungu tinene choncho, komanso pa foni pali Vinted. Amene akuyamba sukulu mu Januwale ndiye alibe mwayi wodikira, ayenera kutsika ndege ali ndi jekete m'manja, osati m'sutikesi imene ingatsalire pa bwalo la ndege lina.

Sindikunyoza kaunjika wathu, ayi. Mabelo ambiri amachokera kumayiko ozizira komweko, ndipo ku Tsoka ku Lilongwe, mu msika wa Limbe kapena m'masitolo a DAPP mumapezeka majekete enieni, pa mtengo woti kumeneko simungaupeze. Chofunika ndi kudziwa kuyesa. Ikwezeni kudzuwa muyang'ane m'timatumba tomwe muli nthenga: mukaona malo owala opanda kanthu, makamaka pa mapewa, nthenga zinathawa kapena zinaundana pansi. Ifinyeni m'manja n'kuisiya, yabwino imadzukanso nthawi yomweyo, yotopa imakhala yophwa. Inunkhizeni, chifukwa fungo la chuku mu jekete ya nthenga silichoka msanga. Pisani dzanja m'kati, ndipo mukaona tizidutswa toyera tikuyoyoka ngati mfundu, kachikopa kotchinga madzi kaja kanatha, jeketeyo siidzatchinganso mvula ngakhale kunja ikuoneka yatsopano. Mupemphe ogulitsa kuti, achimwene, ndidonthezepo timadzi pang'ono pa mkono apa. Madzi akapanga timibulu n'kugubuduka zili bwino. Akalowa n'kusiya banga lakuda, mankhwala a pamwamba anatha, koma limeneli ndi vuto laling'ono poti mankhwalawo amagulitsidwa ndipo mukhoza kupoperanso. Zipi muikweze ndi kuitsitsa katatu. Kuno telala amaisintha pa mtengo wochepa, kumeneko kusintha zipi kungadye ndalama yofanana ndi jekete ina yovalidwapo.

Kunena zoona, chimene ndimalimbikitsa kugula pa kaunjika ndi zam'kati zija. Mafulisi ndi majuzi a ubweya amapezeka ambiri, savuta kuwayesa, ndipo lebulo ya m'mbali imakuuzani ngati ndi wool kapena acrylic. Wachiwiriyo amaoneka ngati ubweya koma safunda mofanana nawo.

Zonsezi ndi za kuzizira konyowa kwa ku Britain ndi ku Ireland. Amene akupita ku Winnipeg ku Canada, ku Moscow, kapena ku Harbin kumpoto kwa China ali pa nkhani ina. Ku Winnipeg usiku wa Januwale kufika pa -20 ndi chinthu cha masiku onse. Kuzizira kotere n'kouma, sinowo amagwa ngati ufa ndipo mumangomusasa, choncho vuto la nthenga lija la kunyowa limachepa ndipo jekete ya nthenga zambiri, yofika pafupi ndi mawondo, ndiyo mfumu. Kumeneko ya kaunjika yongoganizira ingakuikeni pa ngozi. Boma la Canada limachenjeza kuti kuzizira kophatikiza ndi mphepo kukafika pakati pa -28 ndi -39, khungu losaphimba likhoza kuuma m'mphindi 10 mpaka 30. Chizindikiro chake ndi dzanzi, ndipo khungu la pa mphuno, makutu kapena nsonga za zala limalimba n'kutuwa. Pa khungu lakuda kusintha kwa mtunduko kumavuta kukuona, choncho dzanzilo ndilo muzilimvera. Mukatero lowani m'nyumba, mutenthetse ndi madzi ofunda, osati otentha, ndipo musatikite.

Ngakhale ku Glasgow, jekete imathera m'ntchafu ndipo thupi limapitirira. Jinzi ndi thonje, ikanyowa imamata miyendo tsiku lonse, ndiye masiku ozizira muvale kabuluku kothina ka poliyesitala m'kati. Nsapato za nsalu zimamwa madzi pa chithaphwi choyamba, pezani zachikopa kapena zosalowa madzi, zokhala ndi mpata wa masokosi a ubweya. Masokosi awiri mu nsapato yothina amazizira kuposa amodzi, chifukwa magazi amalephera kuyenda. Kachipewa kophimba makutu, sikafu ndi magolovesi n'zotsika mtengo, koma sikafu yokha imatseka khosi, pomwe mpweya wotentha wa mu jekete umathawira.

Jekete yosalowa madzi iyenera kuchapidwa, poti mafuta a thupi ndi litsiro zimawononga kachikopa kaja, koma musathiremo mankhwala ofewetsa zovala, amene amapha mphamvu yothamangitsa madzi. Ya nthenga ikachapidwa imaoneka ngati yafa, nthenga zitaundana m'makona. Iumitseni m'makina oumitsira pa moto wochepa, muponyemo timipira ta tenisi tiwiri kapena titatu kuti tizimenya mibuluyo, ndipo mubwereze mpaka mukafinya musamvenso kabulu kalikonse. Chilimwe chikafika muikoleke pa hang'ala. Mukaipanikiza m'sutikesi pansi pa bedi kuyambira Epulo mpaka Okutobala, mudzaitulutsa yophwa, makamaka ya poliyesitala, yomwe ulusi wake ukapindika nthawi yaitali sudzukanso wonse.